Hadisi imodzi, mizinda inayi: ulendo wa Shu'ba

Bambo a Halima: Assalamu alaikum abale ndi alongo. Ndalemba mwachidule nkhani ya Shu'ba bin Hajjaj kuti tikambirane. Werengani mpaka kumapeto musanayankhe, chifukwa mutu wa nkhaniyi uli kumapeto.

Kudali ku Kufa, mzinda wa ku Iraq, patapita zaka pafupifupi 100 Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) atamwalira. Shu'ba, wophunzira wa ku Basra, adakhala pansi pamaso pa shehe wake Abu Ishaq. Shehe adanena hadisi motere: adandiuza ndi Abdullah bin Ata, kuchokera kwa Uqba bin Amir, swahaba wa Mtumiki. Uqba akuti maswahaba ankasinthana kuweta ngamira. Tsiku lina pobwera kobusa adapeza Mtumiki atazunguliridwa ndi anthu, akunena kuti amene wapanga wuzu bwinobwino, n'kuswali marakaa awiri, n'kupempha chikhululuko, Allah amkhululukira. Uqba adasangalala mokweza. Munthu wina adamukoka kumbuyo, potembenuka n'kuona kuti ndi Umar, yemwe adamuuza kuti zimene Mtumiki adanena iye asanafike zinali zokoma kuposa pamenepa: za shahada ndi makomo a Janna.

Shu'ba adafunsa funso limodzi: "Kodi Abdullah bin Ata adamva yekha kwa Uqba?"

Shehe adakwiya. Mis'ar bin Kidam, yemwe adali pomwepo, adati: "Wamkwiyitsa shehe." Shu'ba sadabwerere m'mbuyo. Adati shehe atsimikize hadisiyi, apo ayi iye ataya mahadisi a sheheyo. Mis'ar adati: "Abdullah bin Ata ali ku Makka."

Shu'ba adanyamuka wa ku Makka, ndipo iye mwini adanena kuti sadapitire Haji, adapitira hadisiyo. Atampeza Abdullah bin Ata n'kumufunsa, yankho lidali lakuti: "Adandiuza ndi Sa'd bin Ibrahim." Sa'd ali kuti? Malik bin Anas adamuuza kuti ali ku Madina, chaka chimenecho sadabwere ku Haji.

Shu'ba uyo wa ku Madina. Sa'd adati: "Hadisiyi ndi yochokera kwanu komwe. Adandiuza ndi Ziyad bin Mikhraq." Shu'ba adadabwa: ndi hadisi yanji imeneyi, yoti inali ya ku Kufa, yasanduka ya ku Madina, tsopano yakhala ya ku Basra?

Adabwerera kwawo ku Basra n'kumpeza Ziyad. Ziyad adazengereza, akuti imeneyi si hadisi ya mtundu umene iwe umafuna. Shu'ba adakakamira. Ndipo Ziyad adati: "Adandiuza ndi Shahr bin Hawshab, kuchokera kwa Abu Rayhana, kuchokera kwa Uqba." Atangomva dzina la Shahr, Shu'ba adati hadisiyi yamuonongekera, ndipo ikadakhala yotsimikizika kwa iye kuti ndi ya Mtumiki, akadaikonda kuposa banja lake, chuma chake ndi anthu onse.

Nkhani yathera pamenepa.

Abiti Saidi: Wa alaikum salaam. Yandikhudza. Munthu kuyenda mtunda wonsewo, yankho lili m'mudzi mwake momwe!

Che Jafali: Wa alaikum salaam. Nkhaniyi ndimaidziwa koma mwaisokoneza achimwene. Amene adayenda mwezi wathunthu pa ngamira chifukwa cha hadisi imodzi ndi Jabir, ndipo adapita ku Sham osati ku Basra.

Mwalimu Idi: Che Jafali, zonse ziwiri zilipo, koma ndi nkhani zosiyana. Jabir bin Abdullah, swahaba, adayendadi mwezi kupita ku Sham kwa Abdullah bin Unays. Iye ankapita kukamva hadisi pakamwa pa munthu amene adaimva kwa Mtumiki, ndipo sankamukayikira. Shu'ba ndi wa m'badwo wapambuyo, adamwalira mu 160 Hijri, ndipo sankapita kukamva mawu. Mawuwo anali nawo kale. Ankapita kukafufuza njira imene mawuwo adadutsa. Nkhani zonse ziwiri Khatib al-Baghdadi, yemwe adamwalira mu 463 Hijri, adaziika m'buku lake la maulendo ofunafuna hadisi, n'chifukwa chake anthu amazisakaniza.

Che Jafali: Chabwino Mwalimu. Koma ya Jabir ndiyo yodziwika.

Mayi a Sumaya: Pepani ndilowererepo. Mtima wanga sunakhazikike. Ndiye kuti marakaa awiri aja a pambuyo pa wuzu ndi shahada imene timanena tikamaliza wuzu n'zopeka? Ine ndaphunzitsa ana anga onse zimenezi, ndipo mayi anga ndi amene adandiphunzitsa. Ndiziwauza chiyani?

Wa ku Joni: Ndi zimene ndikuonanso ine. Ngati Shu'ba anaitaya ndiye yatayidwa basi. Ndipo Abu Ishaq ananama, n'chifukwa chake anakwiya. Munthu wonena zoona sakwiya ukamufunsa.

Mwalimu Idi: Ndiyambe ndi inu Mayi a Sumaya, chifukwa funso lanu ndi lofulumira. Musasiye kalikonse. Shu'ba adakana njira imodzi, ya Abu Ishaq. Nkhani yomweyi ya Uqba ndi ngamira ili mu Sahihi Muslim kudzera njira ina imene mulibe Abdullah bin Ata, mulibe Ziyad, mulibenso Shahr. Imachokera kwa Muawiya bin Salih, kwa Rabia bin Yazid, kwa Abu Idris al-Khawlani, kwa Uqba. M'menemo akuti Msilamu aliyense amene wapanga wuzu bwino, n'kuimirira kuswali marakaa awiri mtima ndi nkhope yake zili pa swalayo, Janna ndi yake. Ndipo Umar akuuza Uqba kuti amene wakwaniritsa wuzu kenako n'kunena shahada, makomo 8 a Janna amamtsekukira, alowe pa limene wafuna. Zimene adakuphunzitsani mayi anu zili ndi maziko olimba.

Koma onani kuti mawu ake sakufanana ndendende ndi a m'nkhani ya Shu'ba. Uku akuti "amkhululukira", uko akuti "Janna ndi yake". Uku shahada yatchulidwa payokha, uko yamangidwa ku wuzu. Pophunzitsa ana gwiritsani mawu a kwa Muslim.

Mayi a Sumaya: Alhamdulillah. Zikomo Mwalimu, mtima wakhala pansi.

Abiti Saidi: Ndiye Shu'ba sankaidziwa njira inayo? Akanaidziwa bwenzi asanadandaule choncho.

Mwalimu Idi: Nkhaniyo sikutiuza. Chimene tingaone ndi chakuti anthu a njira ya kwa Muslim ndi a ku Sham, ndipo Muawiya bin Salih adasamukira kutali ku Andalus kumene adakhala kadhi. Shu'ba adali wa ku Iraq. Nthawi imeneyo kunalibe buku limodzi losonkhanitsa njira zonse. Muslim adamwalira mu 261 Hijri, zaka 101 pambuyo pa Shu'ba. Ife lero timatsegula tsamba limodzi n'kuona njira ziwiri zili pamodzi, pamene iwo njira iliyonse inali m'chifuwa cha munthu wokhala mumzinda wake.

Wa ku Joni: Nanga za Abu Ishaq? Simunandiyankhe Mwalimu.

Mwalimu Idi: Ndikubwera achimwene. Mwalondola mbali imodzi: panali chobisika, ndipo funso la Shu'ba linagunda pomwepo. Koma mawu oti ananama abwezeni. Abu Ishaq as-Sabi'i ndi m'modzi mwa akuluakulu a hadisi a ku Kufa, mahadisi ake ali kwa Bukhari ndi kwa Muslim, ndipo Shu'ba yemweyo ndi m'modzi mwa ophunzira ake odalirika kwambiri.

Tiyang'ane pamene panali mpata. Abu Ishaq adati adamva kwa Abdullah bin Ata, ndipo palibe amene akutsutsa zimenezo. Mpata unali pakati pa Abdullah ndi Uqba. Pamenepo panalibe mawu oti "adandiuza" kapena "ndidamva". Panali mawu oti "kuchokera kwa". Munthu angathe kunena kuti nkhani iyi ndi yochokera kwa uje pamene iye sadaonane naye ujeyo, ndipo sananame, koma womvera amaganiza kuti adaonana. Uqba adakhala ku Iguputo ndipo adamwalira cha m'ma 58 Hijri. Abdullah bin Ata adali moyo ku Makka zaka makumi angapo pambuyo pake, Shu'ba n'kumupeza. Munthu wodziwa mibadwo ya anthuwa akamva mayina awiriwa ataphatikizana amayenera kuima kaye.

Tsopano werengani anthu. Poyamba mndandanda unkaoneka waufupi: Abu Ishaq, Abdullah, Uqba. Shu'ba atamaliza ulendo unakhala: Abu Ishaq, Abdullah, Sa'd, Ziyad, Shahr, Abu Rayhana, Uqba. Anthu anayi anali atagwera m'mawu aja oti "kuchokera kwa". Ndipo taonani kuti aliyense atafunsidwa maso ndi maso adanena zoona. Abdullah sadanene kuti adamva kwa Uqba, adatchula Sa'd. Sa'd adatchula Ziyad. Ziyad adazengereza koma adamtchula Shahr. Mwa onsewa palibe wabodza. Chimene chinalipo ndi kudula mndandanda, ndipo amene adagwera podulapo ndi munthu yemwe Shu'ba sankamudalira.

Wa ku Joni: Komabe kubisa munthu wofooka n'kusiya amphamvu okha, kwa ine kuli pafupi ndi bodza.

Mwalimu Idi: Pamenepo muli limodzi ndi Shu'ba. Kubisa koteroko akatswiri amati tadlisi, ndipo palibe amene adadana nako kuposa iye. Adanena kuti ndi m'bale wake wa bodza. Ankati akakhala kwa Qatada amayang'ana pakamwa pake: akati "adatiuza" amalemba, akapanda kutero salemba. Adauzanso anthu kuti tadlisi ya anthu atatu, A'mash, Abu Ishaq ndi Qatada, wawamalizira kale. N'chifukwa chake akatswiri akaona hadisi ya atatuwa yadzera mwa Shu'ba mtima umakhala m'malo. Koma ambiri mwa akatswiri sadamuike wochita tadlisi m'gulu la abodza. Lamulo lawo ndi lakuti ngati ndi wodalirika, timalandira pamene wanena poyera kuti adamva, ndipo timaima pamene wangoti "kuchokera kwa". Pa nkhani iyi yokha sitingaloze chala kuti amene adadula ndi uyu. Abdullah angakhale kuti adaifupikitsa yekha pouza Abu Ishaq.

Bambo a Halima: Mwalimu, pali gawo lina ndinalisiya dala chifukwa sindinadziwe kuti gulu lilandira bwanji. Nkhaniyi imayamba ndi wophunzira wina, Nasr bin Hammad, atakhala ndi anzake pakhomo pa Shu'ba akukumbutsana mahadisi. Iye adanena hadisi yomweyi kuchokera kwa Israil, mdzukulu wa Abu Ishaq, kwa agogo akewo, kwa Abdullah, kwa Uqba. Shu'ba adamva ali m'nyumba, adatuluka n'kumuomba khofi. Mnyamatayo adakhala pambali akulira. Abdullah bin Idris atamuuza Shu'ba kuti wamlakwira, ndi pamene adafotokoza za ulendo wonsewu.

Abiti Saidi: Iii ayi, pamenepo sindikugwirizana napo. Mwana analakwa chiyani? Ananena zimene anaphunzira kwa shehe wake. Kumuuza sikukanakwana? Ife tinakulira m'madrasa a chikoti, ndipo ndikudziwa anzanga amene anathawa osabwereranso. Nkhani ngati izi anthu amazitenga ngati chilolezo.

Che Jafali: Achemwali, anthu akale anali ndi nsanje pa dini. Khofi limodzi pofuna kuteteza mawu a Mtumiki si nkhani.

Abiti Saidi: Che Jafali, Mtumiki mwini wake mawuwo sadamenyepo mkazi kapena wantchito. Aisha ndi amene adanena zimenezo. Nsanje ya pa dini isapose ya mwini dini.

Mwalimu Idi: Musanakangane za khofi, funsani funso la Shu'ba pa nkhani ya Shu'ba yomwe: watiuza ndani? Nkhani yaitali imeneyi, ya khofi, ya kukwiya kwa shehe, ya Malik, ya mawu omaliza aja a banja ndi chuma, yadzera mwa Nasr bin Hammad al-Warraq, yemwe akuti adamenyedwayo. Ndipo Nasr akatswiri sadamudalire. Bukhari adati anthu amamunena, Muslim adati hadisi zake n'zotayika, Yahya bin Ma'in adafika pomutcha wabodza.

Wa ku Joni: Ndiye nkhani yonse yagwa! Tangotaya nthawi.

Mwalimu Idi: Sinagwe yonse. Fupa lake lili ndi njira ina. Bukhari m'buku lake lalikulu la mbiri ya anthu a hadisi, pa dzina la Abdullah bin Ata, adailemba mwachidule kudzera mwa Abu Dawud at-Tayalisi, wophunzira wa Shu'ba. M'menemo Shu'ba akufunsa Abu Ishaq za Abdullah, akukumana ndi Abdullah yemwe akukana kuti sadamve kwa Uqba n'kutchula Sa'd, akukumana ndi Sa'd yemwe akutchula Ziyad, akukumana ndi Ziyad. Mulibe khofi, mulibe Mis'ar, mulibe Malik. Choncho kufufuzako, munthu ndi munthu, n'kolimba. Zokometsera zija ndi zimene zatsamira pa Nasr.

Ndipo pali kusiyana kumodzi kofunika kwambiri. M'nkhani yaifupiyo Ziyad sakunena kuti adamva kwa Shahr. Akuti adamuuza ndi munthu wina, kuchokera kwa Shahr. Munthuyo dzina lake silitchulidwa. Ngati zili choncho, vuto la njirayi ndi lalikulu kuposa Shahr, chifukwa muli munthu amene sitingathe n'komwe kumuyeza.

Bambo a Halima: Ndiye poifotokoza kwa ana a madrasa ndiziitenga iti?

Mwalimu Idi: Ine ndimafotokoza yaitaliyo, chifukwa akatswiri ngati Khatib ndi Ramahurmuzi adailemba ngakhale ankamudziwa Nasr. Nkhani ya mbiri saiyeza ndi muyeso wofanana ndi wa hadisi ya halali ndi haramu. Koma ndikamaliza ndimawauza kuti gawo ili ndi lolimba, gawo ili ladzera mwa munthu wofooka. Za khofi sindimangirapo chilichonse.

Abiti Saidi: Ine ndikanakonda lisamatchulidwe n'komwe kwa ana.

Che Jafali: Kuchotsa gawo la nkhani chifukwa silikutikomera, si kudula komwe tikukudzudzula kuja?

Abiti Saidi: N'zosiyana. Sindikubisa munthu mu mndandanda, ndikusankha zoyenera msinkhu wa mwana.

Mdzukulu wa Che Bwanali: Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Ine nkhaniyi yandikumbutsa zimene zinandichitikira mwezi wa Ramadhani. Azakhali anga ananditumizira uthenga pa WhatsApp wonena kuti Mtumiki anati amene auze anzake za tsiku loyamba la mwezi wakuti, moto ndi haramu kwa iye. Ndinawafunsa kuti mwautenga kuti. Anati kwa mnzawo wa ku gulu la amayi. Ndinamuimbira mnzawoyo, anati unachokera kwa mwana wake ali kunja. Mwanayo anati anaupeza pa gulu lina ndipo sakumbuka anatumiza ndani. Ndinalekera pomwepo. Azakhali mpaka lero amati ndinawachititsa manyazi. Kodi ndinalakwa kufunsa?

Mwalimu Idi: Simunalakwe, ndipo uthenga umenewo ulibe maziko m'mabuku a hadisi. Koma njira yanu inali yotopetsa pachabe. Shu'ba ankatsata anthu chifukwa nthawi yake hadisi zinali m'zifuwa za anthu amoyo. Lero mindandanda idatsekedwa m'mabuku kalekale. Funso lathu si loti wakutumizira ndani, koma loti ili m'buku liti, ndipo akatswiri adati chiyani za njira yake. Uthenga wopanda dzina la buku ndi la swahaba musautumize. Azakhali apepeseni pa kafunsidwe ngati kanawawawa, koma pa uthengawo musagonje.

Wa ku Joni: Mwalimu, funso lina. Shahr ameneyu analakwa chiyani kuti dzina lake lokha ligwetse hadisi?

Mwalimu Idi: Apa ndi pamene akatswiri eni ake sadagwirizane. Shahr bin Hawshab adali wa ku Sham, wa m'badwo wotsatira maswahaba, ndipo adanena mahadisi ambiri kuchokera kwa Asma bint Yazid. M'mawu oyamba a Sahihi Muslim muli mawu a Shu'ba akuti adakumana naye Shahr koma sadamuwerengere, ndi a Ibn Awn akuti anthu adamulasa ndi mawu. Koma Ahmad bin Hanbal sadaone vuto mwa iye, Yahya bin Ma'in adati ndi wodalirika, ndipo Tirmidhi adalemba kuti Bukhari adati hadisi zake n'zabwino. Pambuyo pake Ibn Hajar adamuika pakati: woona, koma wolakwitsa kawirikawiri ndiponso wokonda kudumpha anthu mu mndandanda.

Wa ku Joni: Ndiye akanakhala Ahmad amene anayenda ulendowu, akanabwerera wosangalala?

Mwalimu Idi: Pa dzina la Shahr mwina sakadadandaula ngati Shu'ba. Koma ngati nkhani yaifupi ija ndiyo yolondola, munthu wopanda dzina uja akadamuimitsa nayenso.

Che Jafali: Ine ndikuona kuti Shu'ba anali wouma mtima kwambiri. Ngati Ahmad ndi Bukhari anamulandira Shahr, iye yekha n'ndani?

Bambo a Halima: Che Jafali, musaiwale kuti Shu'ba adamuona Shahr ndi maso, pamene Ahmad adabadwa mu 164 Hijri, Shu'ba atamwalira kale. Ndipo Sufyan ath-Thawri ankamutcha mtsogoleri wa okhulupirira pa hadisi. Ine ndimapendekera kwa amene adakumana naye munthuyo.

Mwalimu Idi: Mfundo yanu ndi yamphamvu Bambo a Halima, koma ili ndi mbali ina. Obwera pambuyo anali ndi mwayi umene Shu'ba analibe: adasonkhanitsa mahadisi ambiri a Shahr n'kuwayerekeza ndi a anthu ena, kuona pamene akugwirizana ndi pamene ali yekha. Kukumana ndi munthu kumakuonetsa khalidwe lake, kuyerekeza mahadisi kumakuonetsa kusunga kwake. Ine pa Shahr ndimaima pamene adaima Ibn Hajar, koma ndikudziwa mashehe odziwa kuposa ine amene amamulandira kwathunthu.

Mayi a Sumaya: Ndabweranso ndi za wuzu zomwe zija, mundipirire. Ife tikamaliza shahada timawonjezera kuti Allah atiike m'gulu la olapa ndi la odziyeretsa. Mwati kwa Muslim kuli shahada. Nanga duwa yowonjezerayi ilimo?

Mwalimu Idi: Kwa Muslim mulibe, mayi. Ili kwa Tirmidhi, ndipo Tirmidhi mwini wake atailemba adanena kuti mndandanda wake ndi wosokonekera. Akatswiri ena adailimbitsa poona njira zina, ena adaisiya ili yofooka. Mawu ake ndi duwa yabwino yogwirizana ndi Qur'an, pamene Allah akuti amakonda olapa ndi odziyeretsa. Chimene sindingachite ndi kuuza mwana kuti ili pa mlingo umodzi ndi shahada ija.

Mayi a Sumaya: Ndiye ndiziwauza kuti azinena kapena asamanene?

Che Jafali: Azinena. Ife tonse tinakula tikunena.

Wa ku Joni: Kukula tikunena si umboni, Che Jafali. Mwalimu, mungatiikire njira zake za imeneyi monga mwachitira ndi ya Uqba, tione pamene yasokonekera?

Mwalimu Idi: Ndiika ikatha Isha, insha Allah. Njira zake zimadutsanso mwa Muawiya bin Salih ndi Rabia bin Yazid omwe aja, ndiye ndikufuna ndilembe mayina bwinobwino buku lili patsogolo panga.